Werengani maso a chimanga: njira yophunzirira malamulo a Mendel ndi heritabiliti kwa oopa masamu

Ophunzira ambiri akangoona Yy, 9:3:3:1 kapena h² pa bolodi, mtima umagwa phunziro lisanayambe n'komwe. Komatu masamu a phunziro la chibadwa cha mbewu, kusekondale ngakhale chaka choyamba kukoleji, ndi ochepa: kuwerenga, kutenga theka, kuchulukitsa ndi kugawa. Chimene chimavuta n'chakuti manambala amabwera opanda chinthu chogwirika kumbuyo kwake. Tsono pano tiyamba ndi chimanga chili m'manja, nambala iliyonse ibwere pambuyo poti mwaona chimene ikuimira. Khalani ndi pensulo ndi pepala, ndipo sitepe iliyonse muichite, musangoiwerenga.

Choyamba: dziwani kuti chitsononkho chimodzi ndi banja lonse

Diso lililonse la chimanga ndi mwana payekha. Mayi wake ndi phesi limene labereka. Bambo wake ndi kambewu kamodzi ka mungu kochokera kungaiyaye, kaya za phesi lomwelo kaya za phesi lina, kamene kanagwera pa ndevu. Ndevu iliyonse imalowera ku diso limodzi basi. Choncho mukasenda chimanga chimodzi, mwagwira ana mazana angapo a mayi mmodzi atandandalikana m'mizere, okonzeka kuwerengedwa.

Malangizo amene amanena maonekedwe a mbewu timawatcha majini. Tiyang'ane jini imodzi yokha, ya mtundu wa diso. Jini imeneyi ili m'mitundu iwiri, imene timaitcha maaleli: aleli ya chikasu, imene timailemba Y, ndi aleli ya kuyera, imene timailemba y. Mbewu iliyonse imasunga maaleli awiri, imodzi yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Ndiye kuti ikhoza kukhala YY, Yy kapena yy. Diso likakhala ndi Y ngakhale imodzi, limaoneka lachikasu. Kuti liyere, liyenera kukhala yy. N'chifukwa chake Y amati ndi dominanti, y ndi resesivu. Mawu awiriwa sakutanthauza kuti ina ndi yabwino kapena yamphamvu m'munda kuposa inzake. Akungonena kuti ziwirizi zikakumana, imaoneka ndi iti.

Lamulo loyamba la Mendel ndi ili: kholo silipereka maaleli ake onse awiri kwa mwana, limapereka imodzi yokha, ndipo iliyonse mwa iwiriyo ili ndi mwayi wofanana wopita. Kholo la Yy limapereka Y kwa theka la ana ake, y kwa theka linalo. Mukaigwira mfundo ya theka imeneyi, zotsalazo zimangotuluka mwa iyo.

Chachiwiri: tolani m'matumba awiri

Musanajambule bokosi lililonse, chitani izi. Pezani matumba awiri osaoneka mkati. M'thumba lililonse ikani maso 50 achikasu ndi 50 oyera, n'kusakaniza bwino. Ngati chachikasu palibe, lembani chizindikiro ndi cholembera pa maso 50. Thumba limodzi ndi mayi wa Yy, linalo ndi bambo wa Yy.

Tolani diso limodzi m'thumba lililonse osayang'ana. Lembani zimene mwatola: YY, Yy kapena yy. Bwezeranimo, gwedezani, tolaninso. Chitani zimenezi ka 100. Kubwezera musaiwale, chifukwa mukapanda kutero thumba limasintha ndipo mwayi sukhalanso theka.

Mukaphatikiza, mupeza kuti YY yatuluka pafupifupi ka 25, yy pafupifupi ka 25, ndipo Yy pafupifupi ka 50. Sizidzakwana ndendende. Mwina mupeza 22, 53 ndi 25, mnzanu apeza 28, 49 ndi 23, ndipo nonse mwachita bwino. Funso lofunika ndi lakuti n'chifukwa chiyani Yy yachuluka kawiri. Yankho mwaliona ndi manja anu: Yy imabwera m'njira ziwiri, Y kwa mayi ndi y kwa bambo, kapena y kwa mayi ndi Y kwa bambo. YY ili ndi njira imodzi yokha, yy chimodzimodzi.

Bokosi la Punnett limene mumaliona m'mabuku ndi chithunzi chabe cha matumba amenewa. Pamwamba pali zimene bambo angapereke, kumbali zimene mayi angapereke:

```
        Y     y
   Y    YY    Yy
   y    Yy    yy
```

Zipinda zilipo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi mwayi wa theka la theka, ndiye kuti 1/2 × 1/2 = 1/4. Zitatu zili ndi Y, zioneka zachikasu. Chimodzi ndi yy, chiyera. Apa ndi pamene pachokera 3:1. Mukawerenga za mkati mumapeza 1:2:1, mukawerenga zooneka ndi maso mumapeza 3:1. Za mkatizo ndiye jenotaipu, zoonekazo ndiye finotaipu. Pa mayeso werengani funso kawiri kuti mudziwe kuti akufuna iti, chifukwa malikisi ambiri amatayika pomwepa, osati pa masamu.

Chachitatu: zichiteni m'munda

Amene ali ndi kadimba akhoza kuona zonsezi m'chaka chimodzi: mbewu yoyamba m'dzinja, yachiwiri kudimba m'chilimwe.

Bzalani mzere wa chimanga choyera pafupi ndi mzere wa chachikasu, zonse zotulutsa ngaiyaye nthawi yofanana. Choyeracho chikhala mayi. Zulani ngaiyaye zake zikangotuluka, zisanayambe kuwaza mungu. Kamwana ka chimanga kakangooneka pa phesi, ndevu zisanatuluke, kavindikireni ndi kathumba ka pepala. Ndevu zikatuluka m'kathumbamo, mangani thumba lina la pepala pa ngaiyaye za chachikasu madzulo. M'mawa mame akauma gwedezani ngaiyayezo, thirani munguwo pa ndevu, n'kuvindikiranso msanga. Pulasitiki musagwiritse ntchito, imasunga chinyezi ndi kutentha, mungu n'kufa.

Pokolola mudzaona chinthu chimene chimadabwitsa ambiri: phesi loyera labereka maso achikasu nyengo yomweyo. Zimatero chifukwa mbali ya diso imene timagaya ufa imapangidwa ndi mayi ndi mungu pamodzi. N'chimodzimodzi ndi maso achikasu amene mumawapeza apo ndi apo m'chimanga choyera ngati munda woyandikana nawo muli chachikasu. Ana oyambawa timawatcha F1, ndipo onse ndi Yy.

Ngati theka la maso latuluka lachikasu, theka loyera, musataye. Mwaphunzira chinthu: bamboyo sanali YY koma Yy. Jambulani bokosi la Yy ndi yy, mupeza 1:1. Imeneyi ndi njira imene akatswiri amayezera mbewu yachikasu kuti adziwe ngati yabisa y: amaikwatitsa ndi yoyera. Maso achikasu amene mwapezawo ndi Yy ndithu, mukhoza kupitiriza nawo.

Bzalani maso a F1. Phesi lililonse lithireni mungu wake womwe, mwa njira ya matumba ija. Maso amene abereke ndiwo F2, ndipo ndi amene muwerenge. Chenjezo limodzi: chikasu chake sichidzafanana. Ena adzakhala achikasu chakupsa, ena chotumbuluka, chifukwa mbali ya ufa ija imalandira magawo awiri kwa mayi ndi limodzi kwa bambo, ndiye kuchuluka kwa Y kumasiyana. Onse amene ali ndi kachikasu aikeni mulu umodzi. Werengerani panja masana, osati ndi nyali, poti otumbuluka aja amanamiza.

Chachinayi: kodi zimene mwawerenga zikugwirizana ndi 3:1?

Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech, anachita ntchito yotereyi ndi nsawawa kuyambira 1856 mpaka 1863, n'kusindikiza zotsatira mu 1866. Pa F2 ya maonekedwe a njere anawerenga njere 7,324: zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Gawani 7,324 panayi, mupeza 1,831. Anayembekezera zamakwinya 1,831, anapeza 1,850. Pa mtundu wa njere anapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Ngakhale iye sanapeze 3:1 yeniyeni. Chimene anachita mosiyana ndi anzake a nthawi imeneyo ndi kuwerenga njere zambiri, khalidwe limodzi pa nthawi.

Tiyerekeze kuti inu mwawerenga maso 400, achikasu 291, oyera 109. Kota ya 400 ndi 100, ndiye mumayembekezera 300 ndi 100. Mwasiyana ndi 9. Kodi 9 ameneyu ndi mwayi chabe ngati wa m'matumba muja, kapena china chalakwika? Chida choyankhira funsoli ndi χ², chimene chimatchulidwa kuti kai-sikweya. Dzina likuoneka loopsa, koma ntchito yake ndi iyi: pa mulu uliwonse tengani kusiyana, kuchulukitseni ndi iko komwe, gawani ndi nambala imene mumayembekezera, kenaka phatikizani.

```
achikasu: 9 × 9 ÷ 300 = 0.27
oyera:    9 × 9 ÷ 100 = 0.81
χ² = 0.27 + 0.81 = 1.08
```

Milu ikakhala iwiri, malire ake ndi 3.84. Yankho likachepera pamenepo, kusiyanako n'kwa mwayi wamba ndipo palibe chifukwa chokanira 3:1. Yanu ndi 1.08, ili bwino.

Nanga mukanapeza 250 ndi 150? Kusiyana ndi 50. 2,500 kugawa ndi 300 ndi 8.3, ndipo 2,500 kugawa ndi 100 ndi 25. Pamodzi 33.3, kutali kwambiri ndi 3.84. Apa musathamangire kunena kuti Mendel analakwa, ndipo musakonze manambala kuti akome. Funsani chimene chachulukitsa oyera. Kawirikawiri ndi mungu wa chimanga choyera cha m'minda yoyandikana umene unalowa thumba litang'ambika kapena mutachedwa kuvindikira. Mayi wa Yy ndi mungu wa y amabereka 1:1, ndiye mungu wachilendowo umakokera chiwerengero cha oyera kuchoka pa kota kupita ku theka. Mwinanso munaika achikasu otumbuluka mu mulu wa oyera. Kumbali kumene manambala apendekera kumakuuzani kumene vuto lachokera.

Dziwaninso kuti χ² imafuna manambala enieni amene mwawerenga, osati maperesenti. Komanso maso 12 okha sangakuuzeni kanthu: 8 ndi 4 kapena 10 ndi 2 zonse zimatuluka mwamwayi.

Chachisanu: makhalidwe awiri, musajambule zipinda 16

Chimanga chili ndi jini ina imene aleli yake ya resesivu imapangitsa diso kukhala lotsekemera, ndipo likauma limachita makwinya. Mukakwatitsa mbewu ziwiri zimene zabisa y ndiponso zabisa aleli ya makwinya, mabuku amajambula bokosi la zipinda 16. Ambiri amasokera m'menemo. Njira yachidule ndi kutenga khalidwe lililonse palokha, kenaka n'kuchulukitsa.

Mwayi wa chikasu ndi 3/4, wa kuyera 1/4. Mwayi wa kusalala ndi 3/4, wa makwinya 1/4. Lachikasu losalala: 3/4 × 3/4 = 9/16. Lachikasu lamakwinya: 3/4 × 1/4 = 3/16. Loyera losalala: 3/16. Loyera lamakwinya: 1/4 × 1/4 = 1/16. Imeneyi ndiye 9:3:3:1, yomwe ndi 3:1 kawiri basi. Mendel pa nsawawa 556 anapeza 315, 108, 101 ndi 32. Gawani 556 ndi 16, mupeza pafupifupi 35, ndiye onani nokha mmene 9, 3, 3 ndi 1 zikukwanira.

Kuchulukitsaku kumagwira ntchito pokhapokha majini awiriwo akamayenda mosadalirana. Chimanga chili ndi mapeya 10 a makromozomu, timaulusi timene timanyamula majini, ndipo majini awiri tatchulawa ali pa makromozomu osiyana. Akakhala moyandikana pa kromozomu imodzi amakonda kupitira limodzi kwa mwana, ndiye mudzaona ana ofanana ndi makolo a mbewu ziwiri mwakwatitsazo atachuluka kuposa mmene 9:3:3:1 ikunenera.

Lamulo lomweli la theka likufotokoza chimene alangizi amaletsera kubzalanso mbewu yokolola ku chimanga cha haibulidi. Mbewu ya m'paketi ndi F1. Ganizani za haibulidi ya makolo awiri osasakanizika: mapesi onse ali ndi mapeya ofanana a mtundu wa Aa, monga Yy ija, pa majini ambiri, n'chifukwa chake munda umaoneka wofanana ndi wamphamvu. Pa F2, mwayi woti peya imodzi ikhalebe Aa ndi theka. Pa majini 10, mwayi woti phesi lisunge onse ndi theka kulichulukitsa ka 10, ndiye kuti phesi limodzi pa 1,024. Munda umatuluka wa mapesi aatali ndi aafupi, okhwima mosiyana, zokolola n'kutsika. Mtedza ndi nyemba sizitero kwenikweni, chifukwa duwa limadzithira mungu lokha ndipo mapeya ake ambiri ndi AA kapena aa kale.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene milu yatha, timayeza

Mtundu wa diso umagawika milu: lachikasu kapena loyera. Koma kutalika kwa phesi, kukula kwa chitsononkho ndi kulemera kwa zokolola sizigawika choncho. Zimayendetsedwa ndi majini ambiri, iliyonse ikuwonjezera pang'ono, ndipo pamwamba pake nthaka, mvula ndi feteleza zimaikapo dzanja. Malamulo a Mendel akugwirabe ntchito pa jini iliyonse, kungoti simungawaonenso ndi maso. Funso limasintha. Sitifunsanso kuti ndi angati mwa anayi, koma kuti: pa kusiyana kumene ndikuona m'munda muno, ndi gawo lanji lochokera ku chibadwa? Yankho la funso limeneli ndiye heritabiliti, ndipo limakhala pakati pa 0 ndi 1.

Chinangwa chimathandiza kwambiri kumvetsa izi, chifukwa timabzala mitengo yake, osati njere. Mukadula zidutswa zisanu ku tsinde limodzi, zonse zili ndi chibadwa chimodzi ndendende. Zikabereka mosiyana, kusiyanako n'kwa malo basi. Tiyerekeze kuti mwabzala zisanu zotere, ndipo m'munda womwewo mwabzalanso zisanu za mitundu yosiyanasiyana. Manambala awa ndi ongophunzirira, m'makilogalamu pa phando:

```
tsinde limodzi:     2, 4, 4, 4, 6
mitundu yosiyana:   1, 3, 4, 5, 7
```

Magulu onse awiri avereji yake ndi 4, koma lachiwiri lamwazikana kwambiri. Tikufuna nambala yoyeza kumwazikanako, imene imatchedwa variyansi. Pa phando lililonse onani kuti latalikira bwanji ku avereji, chulukitsani kutalikirako ndi iko komwe, phatikizani zonse, ndipo gawani ndi chiwerengero cha mapando mutachotsapo limodzi. Timachulukitsa choncho kuti za pansi pa avereji ndi za pamwamba zisafafanizane.

Gulu loyamba latalikira ndi 2, 0, 0, 0, 2. Zimenezi zipereka 4 + 0 + 0 + 0 + 4 = 8, kugawa ndi 4, yankho 2. Uku ndi kumwazikana kwa malo okha. Gulu lachiwiri latalikira ndi 3, 1, 0, 1, 3, zimene zipereka 9 + 1 + 0 + 1 + 9 = 20, kugawa ndi 4, yankho 5. Uku ndi kumwazikana kwa chibadwa ndi malo pamodzi. Chotsani 2 pa 5, patsala 3, gawo la chibadwa.

```
VP = VG + VE        5 = 3 + 2
H² = VG ÷ VP        3 ÷ 5 = 0.6
```

VP ndi kumwazikana konse, VG kwa chibadwa, VE kwa malo. Ka 2 kali pamwamba pa H ndi mbali ya dzina chabe. Mukapeza 0.6 mwamaliza, musaichulukitsenso. Pa kafukufuku weniweni mapando asanu sakwanira, pamafunika ambiri obwerezedwa m'malo angapo, koma masamu ake ndi omwewa.

Wilhelm Johannsen wa ku Denmark anaonetsa zimenezi ndi nyemba mu 1903. Atasankha njere zazikulu pakati pa nyemba zosakanizika, ana ake analemerako. Koma atasankha zazikulu mkati mwa mzere umodzi wa chibadwa chofanana, avereji ya ana sinasinthe. Njere yaikuluyo inangokula chifukwa cha malo ake, inalibe chapadera choti ipatsire ana.

Chachisanu ndi chiwiri: heritabiliti imene mlimi wosankha mbewu amaifuna

Mtengo wa chinangwa umapititsa chibadwa chonse monga chiliri, n'chifukwa chake H² yaikulu imakwanira kumeneko. Mbewu ya njere imapereka theka lokha, ndipo mapeya amaphwasuka monga taonera pa haibulidi. Ubwino umene unabwera chifukwa cha kukumana kwa A ndi a supita wonse kwa ana. Gawo limene limapitadi, la maaleli ongowonjezerana, timalilemba h² yaing'ono, ndipo siingapose H². Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuipeza m'munda popanda variyansi:

```
R = h² × S
```

S ndi mmene makolo osankhidwa aposera avereji ya munda. R ndi mmene ana awo aposera ana a mbewu yosasankhidwa. Kunena kwina, pa zimene munasankha, zabwerera zingati?

Tiyerekeze munda wa chimanga chamakolo. Mwayeza zitsononkho 200, avereji ndi masentimita 15. Mwasankha 20 zazitali, avereji yake 19. Kusiyana ndi 4. Apa pali msampha umene umagwira ngakhale a kukoleji. Mwasankha amayi okha. Mungu unachokera m'munda monse, ku mapesi abwino ndi oipa omwe, ndiye abambo sanasankhidwe, kusiyana kwao ndi 0. S yeniyeni ndi avereji ya makolo awiri: 4 kuphatikiza 0, kugawa pawiri, ndi 2.

Nyengo yotsatira bzalani mbewu yosankhidwayo, koma pambali pake bzalaninso mbewu yongotapa mosasankha ya m'munda womwe uja, mizere yosinthanasinthana, tsiku limodzi, feteleza wofanana. Sitepe imeneyi musaidumphe. Mukayerekeza ndi avereji ya chaka chatha, mudzakhala mukuyeza mvula, osati chibadwa. Tinene kuti yosasankha yapereka 14.0, poti mvula inavuta, ndipo yosankhidwa 14.8. R ndi 0.8.

```
h² = R ÷ S = 0.8 ÷ 2 = 0.4
```

Amene waiwala za abambo agawa 0.8 ndi 4 n'kupeza 0.2, theka la yankho loona. Amene wayerekeza 14.8 ndi 15 ya chaka chatha anena kuti kusankha kwabweza mbewu m'mbuyo, pamene kwathandiza.

Taonaninso chimene nambalayi ikumuuza mlimi. Anasankha zitsononkho zoposa ndi masentimita 4, wapindula osakwana sentimita imodzi. Si kuti walephera. Umu ndi mmene kusankha kumayendera pa khalidwe la majini ambiri: pang'onopang'ono, koma phindu la chaka chino limakhala poyambira pa chaka chamawa.

Mmene mungaimasulire nambalayi osalakwa

Pa mayeso ndi m'moyo, zolakwa zambiri za heritabiliti si za masamu koma za kamasuliridwe, ndipo ndimaona kuti apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kuchedwapo. H² ya 0.6 sikutanthauza kuti pa makilogalamu asanu a phando limodzi, atatu apangidwa ndi majini, awiri ndi nthaka. Phando limodzi lilibe heritabiliti. Nambalayi imanena za kusiyana pakati pa mapando ambiri. Munda wonse wobzalidwa kuchokera ku tsinde limodzi uli ndi heritabiliti ya 0, osati chifukwa majini sakugwira ntchito, koma chifukwa palibe kusiyana kwa majini.

Siikhalanso nambala yokhazikika ya mbewu. Bwererani ku chinangwa chija. Mitundu yomweyo muibzale m'munda wa chulu apa, mchenga apo, madzi odikha uko, VE ikwere kuchoka pa 2 kufika pa 9. VG ikadali 3, koma tsopano H² ndi 3 kugawa ndi 12, yomwe ndi 0.25. Chibadwa sichinasinthe, munda ndi umene wabisa. Ndipo heritabiliti ikakwera sizitanthauza kuti feteleza alibe ntchito: akhoza kukweza mapando onse pamodzi, kusiyana kwa pakati pao kuli chikhalire.

Mfundo imeneyi ili ndi ntchito yake pa nthawi yosankha mbewu. Kusankhira pa nkhokwe, chimanga chitasakanizika kale, kumakupatsani zitsononkho za pa chulu, za m'mphepete mwa munda ndi za mapesi amene anzake oyandikana nawo anafa. Zimenezo zakula chifukwa cha malo. Sankhirani m'munda chimanga chisanadulidwe. Siyani mizere ya m'mphepete ndi mapesi oima okha. Gawani munda m'tizigawo ting'onoting'ono, mwachitsanzo ta mapesi 40, ndipo m'kachigawo kalikonse tengani abwino atatu kapena anayi, ngakhale kachigawoko kakhale pouma. Mukatero phesi likupikisana ndi anzake a nthaka yofanana, VE yatsika, ndipo zimene mwasankha zili ndi chibadwa chochulukirapo.

Makhalidwe monga nthawi yotulutsa ngaiyaye ndi kutalika kwa phesi nthawi zambiri amakhala ndi heritabiliti yokwererapo kusiyana ndi kulemera kwa zokolola, choncho amasintha msanga mukawasankha. Khalidwe looneka mungu usanawazike lili ndi mwayi winanso: mukhoza kuzula ngaiyaye za mapesi osafunika, abambo nawonso n'kukhala osankhidwa, ndipo S simuigawanso pawiri. Pa zokolola, phesi limodzi silodalirika. N'chifukwa chake ofufuza mbewu, monga a ku Chitedze, amabzala mtundu uliwonse m'timinda tingapo, m'madera osiyana ndi nyengo zingapo, kenaka n'kuyerekeza maavereji. Kubwerezako kumachepetsa gawo la malo pa avereji: mukabwereza kanayi mosadalirana, VE ya 9 ija imagawika panayi kukhala 2.25, ndipo heritabiliti ya maavereji imakwera kuchoka pa 0.25 kufika pa 3 kugawa ndi 5.25, pafupifupi 0.57.